Invoyisi ya mu Excel: mizere yokhazikika kapena tebulo lokula lokha?

Invoyisi yogwiritsa ntchito mobwerezabwereza imamangidwa m'njira ziwiri mu Excel. Ena amakonzeratu mizere 15 kapena 20 yokhala ndi mafomula, n'kuitseka kuti isasokonezedwe. Ena amasandutsa malo olembapo katundu kukhala tebulo podina `Ctrl+T`, kuti mizere izionjezereka yokha. Zonse ziwiri zimawerengera bwino tsiku loyamba. Kusiyana kumaonekera patsogolo, kasitomala akagula zinthu 18 pomwe mizere ilipo 15, kapena fayilo ikafika m'manja mwa wogulitsa wina amene sanaimange.

Tiziyese ndi oda imodzi ya pa sitolo ya zomangira, mitengo yake yongoyerekeza: matumba 12 a simenti pa K28,500, malata 30 pa K19,750, ndi makilogalamu 5 a misomali pa K4,300. Mizere itatuyi iyenera kupereka K342,000, K592,500 ndi K21,500, zonse pamodzi K956,000. Titenge kuti msonkho wa VAT ndi 16.5 peresenti: msonkhowo ukhala K157,740, ndipo kasitomala alipira K1,113,740. Tempuleti iliyonse ikatha kumangidwa, iyambe yatulutsa manambala amenewa.

Njira ya mizere yokhazikika

Mitu ikhale pa mzere 11: katundu pa B, kuchuluka pa C, mtengo pa D, ndalama pa E. Katundu alembedwe kuyambira mzere 12 mpaka 26. Pa E12 lembani fomula yoyambayi n'kuikokera m'munsi mpaka E26, kenako zinazo muike pa E28, E29 ndi E30. `Msonkho` ndi dzina la selo yosunga mlingo wa VAT, ndipo kaikidwe kake tikafotokoza m'munsimu.

```
E12: =IF(C12="","",C12*D12)
E28: =SUM(E12:E27)
E29: =ROUND(E28*Msonkho,2)
E30: =E28+E29
```

`IF` yo ntchito yake ndi kubisa maziro pa mizere yosalembedwa, apo ayi invoyisi ya zinthu zitatu ituluka ndi 0.00 zokwana 12 zitandandalikana. Koma dziwani kuti selo yooneka yopanda kanthuyo ili ndi mawu opanda zilembo, si nambala. `SUM` imangoidumpha, palibe vuto. Mukadzaonjezera kolamu ya msonkho pa mzere uliwonse n'kulemba `=E15*Msonkho`, mizere yonse yosalembedwa idzadzaza `#VALUE!`, ndipo zotsatira za m'munsi zidzatengera matendawo. Kolamu yatsopanoyo nayo imafuna `IF` yakeyake.

Taonani kuti `SUM` yafika pa E27 pomwe katundu wathera pa 26. Si kuphonya ayi. Mzere 27 usiyeni wopanda kanthu, muuchepetse msinkhu, muupake utoto ngati mpanda. Chifukwa chake n'chakuti munthu akalowetsa mzere pakati pa malire a `SUM`, Excel imakulitsa malirewo yokha, koma akaulowetsa kunsi kwa selo yomaliza, sizodalirika kuti ikulitsa. Apa ndi pomwe masitolo amaluzira ndalama mwakachetechete: katundu wa nambala 16 akuoneka pa pepala, ndalama yake ikuonekanso, koma m'chiwerengero chonse mulibe. Palibe uthenga wochenjeza woti n'kudalira, mwina kachizindikiro kobiriwira pakona pa selo basi. Mpanda uja ukakhalapo, mzere uliwonse woonjezeredwa pamwamba pake umagwera mkati mwa `SUM`. Chotsala n'kukumbukira kukokera fomula ya E pa mzere watsopanowo.

Mphamvu yeniyeni ya njira iyi ndi kutseka. Sankhani B12 mpaka D26 pamodzi ndi malo a dzina la kasitomala, tsiku ndi nambala ya invoyisi, lowani `Format Cells`, pa `Protection` chotsani chizindikiro cha `Locked`, kenako `Review` ndi `Protect Sheet`. Zikatero wogulitsa sangalembe nambala pamwamba pa fomula. Kusindikizanso n'kosavuta: pepala la A4 limodzi, malo osayina ndi odinda chidindo ali pomwepo nthawi zonse.

Njira ya tebulo

Lembani mitu pa mzere 11 monga poyamba, sankhani mituyo ndi mzere umodzi wa pansi pake, dinani `Ctrl+T`, ndipo onetsetsani kuti `My table has headers` yachongedwa. Pa `Table Design` sinthani dzina la tebulo likhale `Katundu`. Mafomula tsopano amatchula mayina m'malo mwa zilembo ndi manambala.

```
=[@Kuchuluka]*[@Mtengo]
=SUM(Katundu[Ndalama])
```

Fomula yoyambayo mumailemba kamodzi pa E12, Excel n'kuifalitsa kolamu yonse. Mukafika pa selo yomaliza ya tebulo n'kudina `Tab`, mzere watsopano umabadwa uli ndi fomula kale, ndipo za m'munsi zimakankhidwira pansi. Vuto la katundu wa nambala 16 lija pano kulibe, chifukwa `Katundu[Ndalama]` imatanthauza kolamu yonse, kaya mizere ndi itatu kaya 60. `IF` yobisa maziro siifunikanso, poti mizere yosalembedwa palibe. Ndiponso munthu wina akatsegula fayilo patapita miyezi, fomulayo aimva pongoiwerenga.

Koma tebulo lili ndi chilema chimene ambiri amachizindikira atamaliza kale kukongoletsa: pepala likatsekedwa ndi `Protect Sheet`, tebulo limasiya kukula. `Tab` sabweretsanso mzere watsopano, ngakhale maselo atakhala osakhoma. Ndiye mwatsala ndi ziwiri: kusiya pepala lotsegula, mafomula ali pambalambanda, kapena kulitseka n'kutaya chimene munasankhira tebulo. Pali ena amazemba izi ndi makiro, timapulogalamu ta mkati mwa Excel, otsegula ndi kutsekanso pepala, koma pamenepo fayilo yasanduka mtundu wina, ndipo pa makompyuta ambiri makiro a fayilo yochokera pa intaneti amaletsedwa mpaka munthu atawaloleza.

Zing'onozing'ono zina: mkati mwa tebulo simungaphatikize maselo ndi `Merge & Center`, choncho dzina lalitali la katundu likufuna kolamu yotakata kapena `Wrap Text`. Maselo ophatikizidwa a pansi pa tebulo, monga malo olemba akaunti ya ku banki, akadutsa m'lifupi mwa tebulolo atha kulepheretsa kukankhira pansi kuja. Posindikiza, pa `Page Setup` ikani `Fit to` tsamba limodzi m'lifupi, m'litali musiye mopanda nambala, kuti invoyisi yaitali ipitirire tsamba lachiwiri m'malo mofinyidwa mpaka zilembo kusawerengeka.

Ife tikuona chonchi: ngati invoyisi imalembedwa ndi anthu angapo pa kauntala ndipo katundu sapitirira 15 kawirikawiri, mizere yokhazikika yotsekedwa ndiyo yoyenera, ngakhale imaoneka yachikale. Tebulo ndi la amene amalemba yekha, monga kontilakitala kapena wogulitsa pikulitsa, amene invoyisi yake lero ili ndi mizere iwiri, mawa 40.

Msonkho: pa mzere uliwonse kapena pa chiwerengero chonse?

Choyamba, 16.5 uja asalembedwe mkati mwa fomula. Muikeni mu selo imodzi, mwachitsanzo D29, mulembe `16.5%`, kenako pa kabokosi ka dzina kumanzere kwa malo a fomula mulembe `Msonkho`. Boma likasintha mlingo wa msonkho, mumasintha selo imodzi basi. Amene ali ku Zambia alemba `16%`, ku South Africa `15%`, ku Britain `20%`. Samalani ndi chizindikiro cha peresenti: mukalemba 16.5 pa selo wamba, msonkho wa oda yathu utuluka K15,774,000. Komanso VAT imalipitsidwa ndi amene analembetsa ku bungwe lotolera misonkho, ku Malawi kuno MRA; osalembetsa achotse mzere wa msonkhowo.

Tsono kuwerengera. Oda ya simenti ija siyionetsa kusiyana chifukwa manambala ake ndi osalala. Tengani zinthu zitatu, chilichonse pa K1,234.50. Msonkho wa chimodzi ndi 203.6925, womwe `ROUND` imausandutsa K203.69, ndipo katatu ndi K611.07. Mukayamba mwaphatikiza, K3,703.50, msonkho wake ndi 611.0775, kutanthauza K611.08. Tambala imodzi yasiyana. Palibe angadandaule pa kauntala, koma wa maakaunti amene akufananitsa invoyisi yanu ndi mabuku ake aibweza kapena afunsa. Njira zonse ziwiri masamu ake ndi olondola. Cholakwika n'kuzisakaniza, kuonetsa msonkho pa mzere uliwonse koma m'munsi n'kuwerengera pa chiwerengero chonse, moti munthu akaphatikiza ndi kakyuleta sizikugwirizana. Ngati katundu yense ali ndi msonkho wofanana, werengerani kamodzi m'munsi.

Choipa kuposa zonsezi n'kusiya `ROUND` n'kudalira maonekedwe a selo. Kuika manambala awiri pambuyo pa dontho kumangobisa enawo, Excel imapitiriza kuwerengera ndi 203.6925 yathunthu.

Ngati pa invoyisi imodzi pali katundu wolipira VAT ndi wina wosalipira, onjezerani kolamu yotchedwa `VAT`, yolembamo `Inde` kapena `Ayi`. Apa tebulo limapambana pa kuwerengeka kwa fomula.

```
=ROUND(SUMIFS(Katundu[Ndalama],Katundu[VAT],"Inde")*Msonkho,2)
```

Kolamu imeneyo muiikire mndandanda wosankha kudzera pa `Data Validation`, chifukwa wina akalemba "Eya" kapena kusiya mpata kumapeto kwa "Inde", mzerewo sulipitsidwa msonkho ndipo palibe chikuchenjezeni. Mitengo yokhala ndi msonkho kale nayo imakola anthu: pa K116,500 msonkho ndi K16,500, osati K19,222.50 imene imatuluka mukangochulukitsa ndi 16.5 peresenti. Fomula yake pa E29 ndi `=ROUND(E28*Msonkho/(1+Msonkho),2)`, ndipo E30 ikhale `=E28` basi, poti msonkho uli kale mkati. Kompyuta ikakana fomula yokhala ndi makoma, monga zimachitikira ikatcheredwa ku South Africa, ikani `;` m'malo mwa `,`.

Wina akalemba "12 matumba" pa kuchuluka kapena "K28,500" pa mtengo, Excel imaona mawu, ndipo njira zonse ziwiri zimapereka `#VALUE!`. Muzindikira poona nambalayo itatsamira kumanzere kwa selo. K azibwera yekha kudzera pa `Custom` ndi `"K"#,##0.00`.

Kusunga: `.xlsx` kapena `.xltx`

Ambiri amatsegula invoyisi ya dzulo, kufufuta, kulemba ya lero. Tsiku lina adina `Ctrl+S` m'malo mwa `Save As`, invoyisi ya dzulo yapita. Kapena dzina la kasitomala wakale latsalira pamwamba. Mukasunga ngati `Excel Template (*.xltx)`, kudina kawiri fayiloyo kumatsegula kope latsopano, choyambiriracho osakhudzidwa. Excel imaiika mu foda ya `Custom Office Templates`, ndipo imapezeka pa `File`, `New`, `Personal`. Pofuna kusintha tempuleti yeniyeniyo, monga mlingo wa msonkho, itseguleni kudzera pa `File` ndi `Open`, apo ayi mukhala mukukonza kope chabe.

Pa tsiku musaike `=TODAY()`. Invoyisi ya pa 3 mukadzaitsegula pa 20 idzanena kuti ndi ya pa 20, ndipo tsiku lomaliza kulipira lidzasuntha nalo. Dinani `Ctrl+;` kuti tsiku lilembedwe lokhazikika, ndipo tsiku lolipira likhale selo imeneyo kuphatikiza 30. Nambala ya invoyisi siikwera yokha mu `.xlsx` ngakhale mu `.xltx`, chifukwa kope latsopano silidziwa nambala imene linzake linatenga. Sungani kaundula m'fayilo ina, wokhala ndi nambala, tsiku, kasitomala ndi ndalama, muzitenga nambala yotsatira mmenemo. Kwa kasitomala tumizani PDF kudzera pa `Export`, fayilo ya Excel ikhale kwa inu.