Akupatsani vocha, inu mukufuna ndalama: muwayankhe motani?

Tiyerekeze kuti mwagula batire ya sola ya K450,000 m'sitolo ina m'tauni muno mu Zomba. Mwafika nayo ku Chinamwali, koma siyikusunga moto. Kampani yavomera kuti batireyo ndi yakufa, koma ikuti ikupatsani vocha yogulira katundu wina m'sitolo mwawo momwemo. Pali mayankho awiri oyenera kuwayerekeza.

Loyamba ndi kukana vocha kotheratu: "Zikomo bwana povomera kuti batire ili ndi vuto. Vocha sindilandira, chifukwa ndinalipira ndalama ndipo katunduyo sakugwira ntchito yomwe ndinagulira. Ndikupempha K450,000 yonse pa nambala ya Mpamba yomwe ndinalipirira, pasanathe masiku 14. Lisiti ndi iyi." Mphamvu ya yankholi ili pa chiganizo choyambacho, chifukwa mwawakumbutsa kuti avomera okha. Mwatchulanso ndalama, njira ndi tsiku, ndiye wokuyankhaniyo sangazembe ndi mawu oti "tikuunikabe". Kuipa kwake n'kwakuti amene ali pakauntala nthawi zambiri alibe mphamvu yotulutsa ndalama, choncho nkhani imapita ku likulu ndipo mudikira.

Lachiwiri ndi kugawa: "Ndingalandire vocha ya K100,000 yogulira mawaya ndi mababu, bola K350,000 yotsalayo ibwere ngati ndalama. Vochayo ilembedwe kuti ilibe tsiku lothera ntchito." Ili amavomera msanga, poti gawo la ndalama latsala m'thumba mwawo. Koma likuthandizani pokhapokha ngati m'sitolomo mulidi zinthu zomwe mumafuna kugula kale. Apo ayi, mwangotaya K100,000. Mwawaonetsanso kuti mukhoza kutsika, ndiye musadabwe akabwera ndi theka kwa theka. N'chifukwa chake ndi bwino kuwonjezera kuti, "Mukakana izi, pempho langa la ndalama zonse likhala pomwepo."

Ine ndimati katundu akakhala wakufa, yambani ndi loyamba. Lachiwiri lisungeni m'thumba. Ngati mwangosintha maganizo pa katundu wabwinobwino, mulibe poimira polimba, ndipo kugawa ndiko kungakupulumutseni.

Nanga kutchula CFTC, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda? Bungweli limalandira madandaulo a ogula, ndipo malamulo salola wamalonda kudzichotsa pa mlandu wa katundu wowonongeka, ngakhale atapachika chikwangwani choti katundu akagulidwa sabwezedwa. Koma musaopseze nalo m'uthenga woyamba. Masiku 14 akadutsa, lembani mofatsa kuti mukadandaula kumeneko tsiku lakuti.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi kutenga vocha n'kumati "ndingosunga kaye". Mukasaina kapena kugulira nayo ngakhale babu limodzi, kampani idzati munagwirizana ndipo nkhani inatha. Isiyeni pakauntala, ndipo zomwe mwakambirana pakamwa muzitumizenso pa uthenga wolemba tsiku lomwelo.