Komishoni, bonasi ya tageti kapena gawo la phindu: tiziwalipira motani ogulitsa?

Shopu ikakhala imodzi, mwini wake amaona yekha amene akulimbikira. Zikafika zinayi, ina ku Kasungu ina ku Mchinji, maso aja sakwananso, ndipo malipiro ndiwo amayamba kuuza antchito chochita. Tiyerekeze njira zitatu pa shopu za hadiweya. Ziwerengero zonse ndi zongopereka chitsanzo.

Yofala kwambiri ndi komishoni ya munthu payekha, tinene K1 pa K100 iliyonse imene wagulitsa. Ndi yosavuta kuimva, wogulitsa amadziwerengera yekha madzulo. Vuto lake n'lakuti imalipira kukula kwa ndalama yolowa, pomwe katundu sapindulitsa mofanana. Wina wagulitsa simenti ya K2,000,000, imene phindu lake ndi K100,000, walandira K20,000. Mnzake watha tsiku akufotokozera makasitomala za penti, maloko ndi misomali, wagulitsa za K600,000 zobweretsa phindu la K150,000, koma walandira K6,000 basi. Amene wapindulitsa shopu kwambiri ndiye wapita kunyumba ndi zochepa, ndipo sipatenga nthawi kuti nayenso asiye penti n'kumakadikira pakhomo oyendetsa malole. Mudzazindikira kuti zafika pamenepa mukaona ogulitsa akulimbirana kontilakitala, mayi wofuna loko mmodzi ataima osamulabadira, mashelefu ali fumbi chifukwa kupukuta kulibe komishoni. Njirayi imayenera pogulitsa zinthu zodula zofuna kukambirana, monga masola kapena mafiriji.

Yachiwiri ndi bonasi ya shopu yonse: mukafika K20,000,000 pamwezi, aliyense alandira K30,000. Kukanganirana makasitomala kumatha, wakusitolo ndi wapakauntala amathandizana. Koma taganizani, lero ndi pa 28, shopu ili pa K18,500,000. Manijala atsitsa mitengo, apereka malata pangongole kwa munthu amene mwezi wina uliwonse akanamukaniza, mwinanso alemba lisiti ya katundu amene abwezedwe pa 2. Akaona kuti tageti yatalika, auza kasitomala wamkulu kuti abwere sabata yamawa kuti malondawo awerengedwe mwezi watsopano. Yang'anani m'buku: malonda akakwera modzidzimutsa masiku atatu omaliza, katundu wobwezedwa n'kuchuluka sabata yoyamba, bonasi yanu ikugula ziwerengero zabodza.

Ine ndimakonda yachitatu, ngakhale ndi yotopetsa kuikonza. Antchito amagawana gawo la phindu la shopu yawo, kuyambira pamlingo wina kupita m'mwamba, popanda malire amodzi oti ukawaphonya wataya zonse. Tinene mlingowo ndi K2,000,000, gawo lawo ndi K20 pa K100. Mwezi uno kusiyana kwa mtengo wooda ndi wogulitsira, msonkho wa VAT utachotsedwa, kwafika K2,800,000. Powerenga sitoko papezeka kuti katundu wa K150,000 wasowa kapena kuwonongeka, zatsala K2,650,000. Zopitirira mlingo ndi K650,000, gawo lawo K130,000, anthu asanu aliyense K26,000. Apa kutsitsa mtengo mwachisawawa kumamupweteka wotsitsayo, thumba la simenti louma ndi chinyezi limakhudza aliyense, ndipo za pangongole zimawerengedwa tsiku limene ndalama yalowa. Malipiro apamwezi asakhudzidwe, chimachepa ndi bonasi yokha. Kudula malipiro a munthu chifukwa cha shoteji yosadziwika mwini wake n'kumulakwira.

Njirayi ili ndi zofuna zake. Sitoko iziwerengedwa mwezi ndi mwezi, wowerenga achokere ku shopu ina. Antchito aziona mmene phindulo lapezekera, apo ayi adzati bwana akuphika mabuku, ndipo simudzawatsutsa. Ngati simufuna kuulula mitengo yooda, ikani katundu m'magulu atatu, la phindu lalikulu, lapakati ndi laling'ono, gulu lililonse ndi mapointi ake. Waulesi amadyera nawo anzake, n'zoona, koma m'shopu ya anthu asanu amaonekera msanga. Akapitirira khumi ndi asanu, agaweni m'magulu.

Njira iliyonse mungasankhe, mlingo umodzi wa shopu zonse chaka chonse ndi wopanda chilungamo. Ku Kasungu malata ndi simenti zimayenda alimi akagulitsa fodya, pomwe Januwale ndi Febuluwale ndalama zimathera ku chakudya ndi fizi. Shopu ya mu Lilongwe siyenda choncho. Yerekezani mwezi ndi mwezi womwewo wa chaka chatha pa shopu yomweyo, ndipo mukonze mlingowo mitengo ikasintha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tageti yolembedwa m'makwacha inkatheka kuikwanitsa ngakhale matumba otuluka atachepa, choncho muziwerenganso matumba ndi malata enieniwo. Shopu yatsopano ilibe chaka chatha choyerekezera. Miyezi yoyambirira apatseni bonasi yokhazikika yodalira sitoko yolondola, mlingo wa phindu mudzauike mutaona mmene malonda a pamalopo akuyendera.