Dzanja lothira thobwa: njira zitatu zomwe ndinayesa pa vidiyo ya AI

Achemwali anga amagulitsa thobwa ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Anandipempha kavidiyo koti aike pa WhatsApp, kongoonetsa dzanja likuthira thobwa m'kapu basi.

Ndinayamba ndi njira yongolemba mawu, pulogalamu ya AI n'kupanga vidiyo yonse yokha. Masekondi awiri oyamba zinali bwino. Kenako chala chachikulu chinamira m'kapu ngati kapuyo ndi yaphula, zala zinakhala zisanu ndi chimodzi, thobwa likutsika koma kapu osadzaza.

Mapulogalamuwa sadziwa kuti dzanja lili ndi mafupa 27, kapena kuti chochoka m'botolo chiyenera kupezeka m'kapu. Anaphunzira poona mavidiyo ambirimbiri. Amayamba ndi timadontho tokhatokha, ngati TV yomwe sikugwira, n'kumatikonza pang'onopang'ono mpaka tifanane ndi zomwe anaonapo. Nkhope siivuta kwenikweni, maso ndi mphuno zimakhala pamalo pake. Dzanja limafumbata, limatembenuka, limakhala laling'ono pachithunzi, ndipo zala zina zimabisala kuseri kwa kapu. Chala chikabisala n'kutulukanso, pulogalamu imangoganizira kuti zinalipo zingati. M'masekondi 5 muli zithunzi pafupifupi 120, ndiye kolakwika kakang'ono kamanka kakula.

Njira yachiwiri ndi ya Image to Video, yomwe imapezeka m'mapulogalamu ngati Kling ndi Runway. Mumajambula chithunzi chenicheni ndi foni, vidiyo n'kuyambira pamenepo. Apa zala zimayamba zili zisanu. Nditalemba kuti dzanja lingogwira kapu osasuntha, kamera iziyandikira pang'onopang'ono, zinatuluka zooneka. Koma nditati lithire, botolo linayamba kupindika khosi. Njirayi imafuna kuyenda kochepa, ndipo sankhani masekondi 5, osati 10.

Yachitatu ndi yomwe ndinakhazikikapo. Ndinapita kwa achemwali, tinaika tebulo pafupi ndi windo, ndinajambula dzanja lawo likuthira kwa masekondi atatu. AI ndinaisiyira zopanda manja: botolo lili patebulo, dzuwa likutuluka, kamera ikuyenda yokha. Zonse ndinazilumikiza mu CapCut, pulogalamu yokonzera mavidiyo. Vuto lake ndi mtundu: zidutswa za AI zimawala kwambiri, za foni zimaoneka zotuwa. Ndinalowa pa Adjust n'kuchepetsa Saturation, kapena kuti kuwala kwa mitundu, ya zidutswa za AI mpaka zinayandikana. Kwa ife ogula bandulo, njirayi ndi yotchipanso, chifukwa pa yoyamba ija ndinabwereza kasanu ndi kawiri osapeza yoti n'kuonetsa munthu.

Musanatumize vidiyo, musangoiona ikuthamanga. Iimitseni pomwe dzanja likukhudza chinthu, muzisuntha chithunzi chimodzichimodzi mukuwerenga zala, muonenso ngati mlingo wa m'kapu ukukwera. Pa vidiyo ya dzanja logwira kapu ija ine sindinaone cholakwika, koma achemwali atangoyang'ana anati, “Achimwene, chikhadabo changa chapita kuti apa?”