Foni, a shehe kapena kulemba pamanja: kumasulira za papaketi m'Chiarabu

Ndili ndi kashopu pa Nchalo pano, ndiye pali bambo ena a ku Iguputo amene amagula kwa ine, Chizungu amangomva cha moni basi, koma mtedza umawawenga zoopsa, osati zotuluka tizidzolo ayi, iwo pakhosi pamatupa mpaka kubanika. Tsiku lina anafuna mabisiketi, ndinayesa njira zitatu zowamasulira zolembedwa papaketi m'Chiarabu.

Yoyamba kamera ya pafoni ija, umangoloza papaketi Chiarabu n'kutulukira. Ndi yachangu zedi ndipo ufa wa tirigu, shuga, mchere inamasulira bwinobwino. Koma paketi ya mabisiketi ndi yonyezimira komanso yopindika, ndiye kamzere kang'ono kapansi kaja, kolembedwa "may contain traces of groundnuts", kanali pa mpindiro ndipo foni sinakaone n'komwe. Choopsa n'chakuti siikuuza kuti yadumpha, imangokupatsa zooneka ngati zatha. Kuti udziwe uziwerenga zinthuzo ndi chala, papaketi zilipo 9 ndi kamzere kochenjeza, pafoni zatuluka zingati?

Yachiwiri ndinapita kwa a shehe a kumzikiti kwathu kuno. Anawerenga zonse osadumpha, kamzere kaja anakaona, apa foni anaiposa. Koma anandiuza okha kuti, "Achimwene, Chiarabu changa n'cha mabuku a chipembedzo, mawu a m'fakitale ngati lesitini sindingawalumbirire." Ndipo pa mtedza poyamba analemba فول basi. Apa ndi pomwe pagona nkhani: فول payekha kwa munthu wa ku Iguputo ndi nyemba zikuluzikulu zomwe amadya m'mawa, alibe nazo vuto. Mtedza wathu uno ndi فول سوداني, mawu awiri, soya ndi فول الصويا. Liwu limodzi likasowa munthu aziti ndi nyemba, agula, adya. Ena amalemba مكسرات, koma limenelo ndi la gulu lonse monga makadamiya ndi kashu, silitchula mtedza mwachindunji.

Yachitatu ndi yochedwa koma ndi imene ndakhazikika nayo. Ndimataipa ndekha chinthu chilichonse pachokha pafoni kuti imasulire, osati kujambula, a shehe amandionera kalembedwe, kenako kamzere kochenjeza ndimakalemba pamwamba penipeni ndi chekeni chofiira: قد يحتوي على آثار من الفول السوداني. Ndiye poti ine zilembozo sinditha kuziwerenga, ndinawaonetsa bambowo mtedza weniweni uli m'botolo lotseka, ndikuloza liwulo, anagwedeza mutu, mabisiketi aja anawabweza pa shelefu.

Ma E nambala, manambala oyamba ndi E oimira zinthu zothira m'chakudya, ndimawasiya momwe alili, E322 ndi lesitini ndipo nthawi zambiri amachokera ku soya. Pakangolembedwa kuti mafuta a zomera osatchula mbewu yake ndimalemba kuti mbewu sinatchulidwe, sindiganizira.

Zopanda paketi njira zonsezi sizithandiza. Nsinjiro m'ndiwo zotendera sizioneka, ndiye ndinawakonzeranso kakhadi ka Chichewa koti azionetsa amayi ophika pamsika asanaitanitse mbale.