Kompoziti kapena Davison: tchati cha ubwenzi chomwe ndikudalira tsopano

Anzanga amene timakonda zowerenga nyenyezi akhala akundifunsa kuti pa tchati cha kompoziti ndi cha Davison, choyenera kulipirira ndi chiti. Ndiyankhe kamodzi pano, chifukwa ine ndinaluzapo ndalama pa nkhani imeneyi.

Choyamba tichotsepo sinasitiri. Imeneyo imangosanjika tchati chanu pamwamba pa cha mnzanu, ndipo anthu amakhalabe awiri: iwe umandichita chiyani, ine ndimakuchita chiyani. Kompoziti ndi Davison zimafunsa zina. Zimatenga ubwenziwo ngati chinthu chachitatu chokhala ndi Dzuwa lake, Mwezi wake ndi khalidwe lake. Tonse timadziwa anthu ofatsa amene akangokhala limodzi pakhomo pamachita phokoso, ndipo chachitatucho ndi chimenechi.

Kompoziti, yomwe John Townley ndi Robert Hand anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1970, ndi masamu ophweka. Thambo lonse ndi madigiri 360, kuyambira pa Aries. Mumatenga Dzuwa la uyu ndi la uyo n'kupeza pakati pake, kenako Mwezi ndi Mwezi, mpaka zonse zithe. Dzuwa langa lili pa digiri 10 ya Aries, ndiye kuti 10. La mkazi wanga lili pa 5 ya Libra, ndiye kuti 185. Pakati pake ndi 97.5, mu Cancer. Palibe wa ife amene Dzuwa lake lili mu Cancer, koma banja lathu lili nalo, ndipo owerenga nyenyezi amati chizindikiro chimenechi ndi cha pakhomo ndi kusamalana. Apa ndinaona kuti njirayi ikukamba za ubwenzi, osati za ine kapena iye.

Chomwe chinandipweteka ndi ichi. Ndinagula lipoti la kompoziti pa intaneti, ndipo linalemba ndime zitatu zoti Venus wathu wayang'anizana ndi Dzuwa, choncho chikondi chathu chidzalimbana ndi cholinga cha banja mpaka kalekale. Mkazi wanga anawerenga, ndipo kwa masiku angapo m'nyumba munali zii. Nditakhala pansi ndi pensulo ndinapeza chomwe chinachitika. Venus wanga ali pa 20 ya Pisces, ndiye 350. Wake ali pa 15 ya Libra, ndiye 195. Pabwalo lozungulira la madigiri 360, mfundo ziwiri zimakhala ndi pakati pawiri, pena pafupi pena patali, ndipo pulogalamu imasankha pafupi. Kwa Dzuwa, njira yaifupi inadutsa ku Cancer. Kwa Venus inadutsa mbali inayo, n'kugwera pa 272.5, mu Capricorn. Basi, n'kutalikirana ndi Dzuwa pafupifupi madigiri 180.

Kuthambo kwenikweni zimenezi sizingachitike. Tikamaona tili padziko pano, Venus satalikirana ndi Dzuwa kupitirira madigiri 48, ndipo Mercury sapitirira 28. Mukaona ziwirizi zayang'anizana ndi Dzuwa mu kompoziti, dziwani kuti ndi masamu, ndipo zimakonda kuchitika kwa anthu amene masiku awo obadwa atalikirana pafupifupi miyezi 6 pakalendala. Ena amangomutembenuza Venusyo kupita mbali ina, zomwe kwa ife zikanamuika pa 92.5, pambali pa Dzuwa mu Cancer. Ogulitsa lipoti aja sanatchule zimenezi ngakhale mzere umodzi, ndipo nditawafunsa anandiuza kuti ndilipirenso kuti andifotokozere. Sindinawakhululukirebe.

Njira ya Ronald Davison, wa ku Britain, ilibe vuto limeneli. Imapeza pakati pa nthawi zobadwa ndi pakati pa malo obadwira, n'kujambula thambo la mphindi imeneyo monga momwe linalilidi. Ine ndinabadwa kumapeto kwa Malichi ku Lilongwe, iye kumapeto kwa Seputembala ku Blantyre, patadutsa zaka ziwiri ndi theka. Pakati pake ndi kumapeto kwa Juni, chakufupi ndi Ntcheu. Dzuwa linagweranso mu Cancer, Venus ali pafupi nalo monga mwa nthawi zonse. Chofooka chake n'chakuti mwina simungadzionemo: Mwezi ungagwere pomwe sukugwirizana ndi wa aliyense wa inu.

Za mtengo sindichulutsa: pa Astro.com, pansi pa Extended Chart Selection, zonse ziwiri mumajambula ulere.

Ola lobadwa ndiye lofunika konsekonse. Ascendant, mfundo ya thambo yomwe imakhala ikutuluka kum'mawa pa nthawi yobadwa, imasuntha pafupifupi digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse, choncho ngati amayi amangokumbukira kuti kunali "m'bandakucha", musawerenge za nyumba khumi ndi ziwiri za tchati, zomwe zimayambira pa Ascendant, ndipo ndi Mwezi muzisamala, poti umayenda madigiri pafupifupi 13 patsiku.

Ine ndatsalira kwa Davison. Kompoziti ndimaitsegulabe, koma ndisanawerenge chiganizo chilichonse ndimayamba ndaona pomwe pali Mercury ndi Venus.