Njira zitatu zofotokozera nyengo za ayezi, ndi imene inandichititsa manyazi m'kalasi

Aphunzitsi anzanga a jogalafe kuno ku Mangochi akhala akundifunsa kuti ndi kafotokozedwe kati kamene ndimagwiritsa ntchito pophunzitsa chifukwa chimene ayezi ankakutira mbali yaikulu ya kumpoto kwa dziko lapansi n'kudzasungunukanso, ndipo popeza funsoli likubwera mobwerezabwereza, ndaona kuti ndiyankhe kamodzi. Mafotokozedwe amene ndakumana nawo ndi atatu, ndipo onse amanena za kayendedwe ka dziko pozungulira dzuwa, koma sali ofanana mphamvu.

Koyamba ndi kamene ndinakapeza m'kabuku ka manotsi kofotokopedwa kamene ndinagula kwa wogulitsa mabuku wina m'tauni. Kabukuko kankati nyengo ya ayezi imabwera dziko likatalikira dzuwa, ndipo imatha dziko likayandikiranso. Ndinaphunzitsa zimenezo mosakayika, chifukwa kwa munthu wokhala ku Mangochi zimamveka zoona. Dziko limakhala patali kwambiri ndi dzuwa kumayambiriro kwa Julayi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 152 miliyoni, ndipo ndi nthawi yomweyo imene mwera umawomba panyanja ndipo asodzi amavala majekete. Limayandikira kwambiri kumayambiriro kwa Januwale, pa makilomita pafupifupi 147 miliyoni, pamene kuno kuli kotentha. Ndili mkati mofotokoza, mtsikana wina wa Fomu 3 anaimika dzanja n'kunena kuti: "Aphunzitsi, achimwene anga amene ali ku Ulaya amati kumeneko mu Julayi ndi pamene kumatentha. Kodi iwo ali pa dziko lina?" Kalasi yonse inaseka, ndipo ine ndinasowa chonena.

Ndalama ya kabukuko sinandipweteke ngati mmene zinandipwetekera kuti ndinali nditalembetsa kale bodzalo m'makope a ana oposa makumi asanu ndi limodzi. Nyengo za pachaka zimabwera chifukwa cha kupendekeka kwa dziko, osati mtunda, ndipo kugwirizana kwa mtunda ndi nyengo kuno kwathu n'kongochitika mwangozi chifukwa tili kummwera kwa ikweta. Pa nkhani ya ayezi, cholakwa chake n'chachikulu kuposa pamenepo. N'zoona kuti njira ya dziko imasintha pang'onopang'ono, nthawi zina kukhala pafupifupi yozungulira bwino ndipo nthawi zina yotambasuka pang'ono ngati dzira, m'nyengo za zaka pafupifupi 100,000. Koma njirayo ikatambasuka, dziko limatalikira kwambiri mbali imodzi ya chaka n'kuyandikiranso kwambiri mbali inayo, kotero kuti mphamvu ya dzuwa imene dziko lonse limalandira pa chaka chathunthu imasintha ndi kachigawo kosafika ngakhale 1 pa 100. Kabuku kameneka musagule, ndipo ngati munagula kale, tsamba limenelo mulidumphe.

Kafotokozedwe kachiwiri ndi ka James Croll wa ku Scotland, amene analemba maganizo ake mu 1864 ali wosamalira nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Glasgow. Iyeyu ndimamulemekeza, chifukwa anadziwa kuti mphamvu ya pa chaka chonse sisintha kwenikweni, ndipo anayang'ana mmene mphamvuyo imagawikira m'nyengo. Anagwiritsa ntchito kugwedezeka kwa dziko, komwe n'kofanana ndi mmene mutu wa nguli umazungulirira pang'onopang'ono nguliyo ikuvina. Chifukwa cha kugwedezekako, nyengo imene dziko limakhala patali ndi dzuwa imasuntha, n'kubwerera pamene inayambira patapita zaka pafupifupi 21,000. Croll ankati njira ikakhala yotambasuka kwambiri, ndipo nyengo yozizira ya mbali imodzi ya dziko ikagwa pa nthawi imene dzuwa lili patali, nyengo yozizirayo imakhala yaitali ndi yoopsa, ndipo ayezi amachuluka. Anazindikiranso kuti ayezi, pokhala oyera, amabweza kuwala kwa dzuwa n'kuwonjezera kuzizira, mfundo imene ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Vuto lake ndi loti zimene maganizo akewo amalosera sizinapezeke. Malinga ndi iye, kumpoto ndi kummwera kukanamasinthana, kwina kukaundana kwina kukufunda, ndipo nyengo yomaliza ya ayezi ikanakhala kuti inatha zaka pafupifupi 80,000 zapitazo. Umboni unaonetsa kuti mbali zonse ziwiri zinkazizira pafupifupi nthawi imodzi, ndiponso kuti ayezi anafika pachimake zaka pafupifupi 21,000 zokha zapitazo, pamene nyanja zamchere zinatsika ndi mamita pafupifupi 120.

Kachitatu, kamene ndinasankha, ndi ka Milutin Milanković wa ku Serbia, amene atalangizidwa ndi katswiri wa zanyengo Wladimir Köppen anatembenuza funso lonse, n'kumaliza ntchito yake yaikulu mu 1941. Iye anati chofunika si kuopsa kwa nyengo yozizira, koma kufooka kwa nyengo yotentha. Ana ndimawafotokozera ndi amayi ogulitsa chambo amene amasunga nsomba m'bokosi la ayezi. Mayi wotere sada nkhawa ndi kuzizira kwa usiku, chifukwa usiku ayezi sasungunuka kwenikweni. Chimene chimatsimikiza ngati mudzatsala kachidutswa madzulo ndi dzuwa la masana. Kumpoto kwa Canada ndi Scandinavia nyengo yozizira imakhala yozizira mokwanira kugwetsa chipale chaka chilichonse, ndipo kukazizira mopitirira, mpweya umanyamula chinyezi chochepa ndipo chipalecho chimachepa. Koma nyengo yotentha ikalephera kusungunula chipale chonse cha chaka chimenecho, chotsalacho chimakwiriridwa ndi cha chaka chotsatira, ndipo patapita zaka masauzande pamakhala chimulu cha ayezi chokhuthala makilomita awiri kapena atatu. N'chifukwa chake Milanković anawerengera mphamvu ya dzuwa ya nyengo yotentha pa madigiri 65 kumpoto kwa ikweta, kumene kuli mtunda waukulu woti ayezi akhazikikepo. Pa madigiri omwewo kummwera kuli pafupifupi nyanja yokhayokha.

Apa ndi pamene kupendekeka kumalowa. Lero dziko n'lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.4, koma kupendekekaku kumasintha pakati pa 22.1 ndi 24.5 m'nyengo ya zaka 41,000. Kukachepa, madera a kufupi ndi nsonga za dziko amalandira dzuwa lofooka m'nyengo yawo yotentha, ndipo zimenezi zimachitika kumpoto ndi kummwera komwe. Kutambasuka kwa njira kulibe mphamvu pakokha, koma ndiko kumatsimikiza kukula kwa zotsatira za kugwedezeka kwa nguli kuja, chifukwa njira ikanakhala yozungulira bwinobwino, sizikanakhala ndi kanthu kuti dziko lili pati mu Juni.

Chitsanzo chimene ndimalemba pa bolodi ndi cha zaka pafupifupi 115,000 zapitazo, pamene ayezi omaliza anayamba kukula. Nambala yoyezera kutambasuka kwa njira, imene amailemba e, inali pafupifupi 0.04, pamene lero ndi 0.0167. Kuti mudziwe kusiyana kwa mphamvu ya dzuwa pakati pa tsiku loyandikira kwambiri ndi tsiku lotalikira kwambiri, mumawerengera ((1 + e) ÷ (1 − e))². Mukaikapo 0.0167 mumapeza 1.07, kutanthauza kusiyana kwa 7 pa 100, ndipo mukaikapo 0.04 mumapeza 1.17, kutanthauza 17 pa 100. Pa nthawi imeneyo dziko linkakhala patali ndi dzuwa m'nyengo yotentha ya kumpoto, ndipo kupendekeka kunali kochepa, kufupi ndi malire a m'munsi. Zitatuzi zitakumana, mphamvu ya dzuwa ya pakati pa Juni pa madigiri 65 inatsika kufika pa mawati pafupifupi 440 pa sikweya mita, pamene lero ili pafupifupi 480. Mwana wochenjera amafunsa chifukwa chake ayezi sakukula lero, popeza lero nalonso dziko limatalikira mu Julayi, ndipo yankho lili mu 7 ndi 17 aja, kuwonjezerapo mpweya wa kaboni dayokisaidi umene tsopano wapitirira magawo 420 pa miliyoni.

Umboni wamphamvu unabwera mu 1976, pamene ofufuza atatu, Hays, Imbrie ndi Shackleton, anayeza tizigoba ta tizamoyo ta m'nyanja m'matope okumbidwa pansi pa nyanja ya Indian, a zaka pafupifupi 450,000. M'matopemo anapeza kuti nyengo inkasintha mobwereza pa zaka pafupifupi 23,000, 41,000 ndi 100,000, zofanana ndi zimene owerengera za kuthambo ankanena.

Kafotokozedwe aka kalinso ndi mtengo wake wobisika, ndipo sindikufuna kuti mudzadzidzimuke pamaso pa ana monga ndinachitira ine. M'zaka pafupifupi 800,000 zapitazi, ayezi akhala akubwera ndi kupita pa zaka pafupifupi 100,000, chonsecho kusintha kwa zaka 100,000 ndiko kofooka kwambiri pa mphamvu ya dzuwa. Kale kuposa zaka miliyoni imodzi zapitazo ankatsatira zaka 41,000 za kupendekeka, ndipo kayendedwe ka dziko sikanasinthe pamene kusinthaku kunkachitika. Ndiye kuti kayendedwe ka dziko kamapereka nthawi, ngati woyimba ng'oma, koma kukula kwa guleyo kumachokera m'dziko momwemo: kuwala kumene ayezi amabweza, kulemera kwa ayezi kumene kumamiza nthaka, ndi mpweya. Timathovu ta mpweya wakale topezeka mu ayezi a ku Antarctica timaonetsa kuti kaboni dayokisaidi ankatsika kufika pa magawo pafupifupi 180 pa miliyoni m'nyengo za ayezi ndi kukwera kufika pafupifupi 280 m'nyengo zofunda. Mpweya umenewu umafalikira dziko lonse, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kummwera kunkazizirira pamodzi ndi kumpoto. Amene angaphunzitse Milanković osatchula mpweya adzagwidwa ndi funso lomwe lija linagwetsa Croll.

Kuno kwathu ayezi sanafikeko, koma kayendedwe komweko kanafika kudzera mu mvula, chifukwa mphamvu ya dzuwa ya nyengo yotentha ndi imene imakoka chinyezi. Mu 2005 ofufuza anaboola pansi pa nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope akale, ndipo anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo, pamene njira ya dziko inali yotambasuka ndipo kugwedezeka kunali ndi mphamvu, kunagwa zilala zimene zinatsitsa nyanjayi ndi mamita oposa 500. Nyanja imene malo ake akuya kwambiri ndi mamita pafupifupi 700 inatsala yaing'ono kumpoto, ndipo mbali yathu ya kummwera, yomwe ndi yosaya, inali youma. Ndikafika pamenepa ndimawauza ana kuti kuchokera ku Monkey Bay munthu akanatha kuyenda pansi mpaka kutsidya ku Makanjira. Mtsikana uja anafunsa kuti nanga chambo chinali kuti, ndipo limenelo ndinalipereka kwa mphunzitsi wa bayoloje.