ExifTool: ndinaidziwa kasitomala atafika pageti panga popanda womulondolera

Nyenyezi 4 mwa 5. Pulogalamu imeneyi, yoonera ndi kufufuta zinthu zobisika m'kati mwa fayilo ya chithunzi, ndaigwiritsa ntchito miyezi isanu pa laputopu ya Windows.

Ndimagulitsa malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito ku Lilongwe kuno, ndipo shopu ndilibe. Katundu amakhala kunyumba, kuchipinda. Makasitomala ndimakumana nawo m'tauni, ndipo komwe ndimakhala sindiuza munthu, chifukwa malaputopu khumi ndi awiri m'nyumba ya lendi ndi nyambo ya akuba. Zithunzi za katundu ndinasiya kutumiza pa WhatsApp popeza zimafika zitafooka, munthu osaona ngati sikirini ili ndi mng'alu kapena ayi. Ndinayamba kuziika mu foda ya pa kilaudi, malo osungira mafayilo pa intaneti, n'kumangotumiza linki.

Loweruka lina m'mawa ndinamva odi pageti. Kutuluka, ndi bambo wina amene tinagwirizana kuti tikakumana m'tauni masana. Ndinafunsa kuti, "Pepani achimwene, wakulondolerani kuno ndani?" Iwo anangoseka n'kundionetsa foni yawo. Panali chithunzi changa cha laputopu, pansi pake kamapu, kadontho kofiira kali ndendende padenga la nyumba ya alandilodi anga. "Bwana, zithunzi zanu zomwe," anatero. Anali munthu wabwino, anagula n'kumapita. Koma linki imeneyo ndinali nditaiponya m'magulu atatu a malonda, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione.

Mlandu sunali wa kilaudi, unali wanga. Foni ikajambula, imalemba zinthu zina m'kati mwa fayilo ya chithunzi, zimene maso saona. Zimatchedwa Exif, ndipo muyezo wake unayamba ku Japan mu 1995. Mumakhala dzina la kampani yopanga foni, mtundu wa foniyo, tsiku ndi nthawi mpaka sekondi, mmene kamera inatcheredwera, ndipo ngati munailola kamera kudziwa komwe muli, mumakhalanso manambala a GPS. Makamera akuluakulu a ojambula paukwati ambiri amalembamonso nambala ya kamerayo, moti zithunzi ziwiri zojambulidwa zaka zosiyana zimadziwika kuti zinachokera m'kamera imodzi. Zoterezi zinachitikirapo ndi anthu odziwa makompyuta kuposa ine. Mu Disembala 2012 John McAfee, amene anayambitsa antivayirasi ya dzina lake, akubisala apolisi a ku Belize, atolankhani a Vice anaika pa intaneti chithunzi chimene anajambula naye pa iPhone, manambala ake n'kuulula kuti ali ku Guatemala.

ExifTool ndi pulogalamu yaulere, yolembedwa ndi Phil Harvey wa ku Canada, ndipo ilipo kuyambira 2003. Ilibe mabatani. Mumatsegula Command Prompt n'kulemba malamulo pamanja, ndipo nyenyezi imodzi ndaichotsera pamenepa, chifukwa mlongo wanga amene amagulitsa zikwama anangoona windo lakudalo n'kunena kuti zimenezo n'za achinyamata. Kuiika si kovuta kwenikweni: mukaitsitsa mumapeza fayilo yotchedwa `exiftool(-k).exe`, mumaisintha dzina kukhala `exiftool.exe`, ndipo foda imene imabwera nayo musaisiyanitse nayo. Bandulo imadya pang'ono, ndipo ikalowa safunanso intaneti. Zimenezi ndinazikonda, chifukwa masamba a pa intaneti amene amati mutumize chithunzi kuti akuyeretsereni amayamba alandira kaye chithunzicho ndi manambala ake onse.

Lamulo loyamba limene ndinalemba ndi ili:

```
exiftool -n -Model -DateTimeOriginal -GPSPosition laputopu1.jpg
```

Panatuluka mizere itatu: mtundu wa foni yanga, tsiku ndi ola limene ndinajambula, ndi manambala awiri, yoyamba yoyambira -13.9, yachiwiri yoyambira 33.7. Otsatirawo sindilemba pano, mukumvetsa chifukwa chake. Kulemera kwa nkhaniyi kuli pa manambala a kumapetowo. Digiri imodzi kuchoka kumpoto kupita kumwera ndi makilomita pafupifupi 111. Ndiye nambala yoyamba pambuyo pa kadontho imaloza dera la makilomita 11, yachitatu imafika pa mamita 110, yachinayi pa mamita 11. Foni yanga inalemba opitirira pamenepo. N'zoona kuti GPS imasokonekera pansi pa malata, moti zithunzi ziwiri zimene ndinajambulira kuchipinda zinaloza kwa aneba, koma zimene ndinajambulira pakhonde, kufuna kuwala kwa dzuwa, zinaloza pakhomo penipeni. Mukamakopera manambalawo mu Google Maps musasiye kamzere ka kutsogoloko, kamatanthauza kumwera kwa ikweta. Ine ndinakasiya ulendo woyamba, mapu n'kundiponya ku Sudan, ndipo kwa mphindi ziwiri mtima unakhala pansi poganiza kuti foni imalemba zabodza.

Chimene ndinkafuna kudziwa kwenikweni n'chakuti manambalawa amatsala panjira iti ndipo amadutsa panjira iti. Ndinatenga chithunzi chimodzi cha 3.8 MB, n'kuchitumiza kwa mng'ono wanga m'njira zinayi, iye n'kundibweretsera zimene walandira pa fulashi kuti ndiziyeze ndi lamulo lomwe lija.

Chodzera pa linki ya kilaudi, atadina Download, chinabwera chathunthu: 3.8 MB yomweyo, foni, tsiku, manambala onse. Ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Google Drive, Dropbox ndi OneDrive ntchito yawo ndi kusunga fayilo n'kuibweza mmene munaiperekera, ngati munthu amene mwamusungitsa thumba lomanga kukamwa. Sangatsegule n'kuchotsamo zina, chifukwa wojambula amene wasungitsa ntchito yake amafuna zonsezo zikhalemo. Chimene chimapusitsa ndi chithunzi chimene chimaoneka mukangotsegula linki. Chimenecho ndi kope yochepetsedwa yongoonetsera, ndipo mukachiyang'ana simuona chilichonse chokayikitsa. Fayilo yeniyeni imatuluka munthu akatsitsa. Kuika kuti olandira linki azingoona, asasinthe kanthu, sikuthandiza pankhaniyi, popeza woona nayenso nthawi zambiri amatha kutsitsa.

Chodzera pa WhatsApp ngati chithunzi wamba chinafika chopepuka, chosakwana 300 KB, ndipo ExifTool sinapezemo foni, tsiku kapena malo. Koma chomwecho nditachitumiza pa WhatsApp ngati Document chinadutsa ndi zonse, chimodzimodzi linki ija. Apa ndiye pamene anzanga ambiri amalonda amagwera, chifukwa tonse tinaphunzitsana kuti Document ndiyo imasunga kuwala kwa chithunzi. Imasungadi, pamodzi ndi njira ya kwanu. Chachinayi chinali sikirinishoti ya chithunzicho, ndipo manambala a malo munalibe, kungoti maonekedwe anatsika. Kuchokera tsiku limenelo ndimayamba ndaona kukula kwa fayilo: ngati imene wina walandira ikulemera chimodzimodzi ndi ya m'foni mwanga, ndimadziwa kuti palibe chimene chachotsedwa.

Poyeretsa ndi pamene ndinapsa chala kawiri, ndipo kawiri konseko n'chifukwa chosawerenga malangizo. Ndinalowa mu foda ya katundu, imene imadzitumiza yokha ku kilaudi, n'kulemba `exiftool -all= *.jpg`. Zithunzi zinayeradi. Koma pulogalamuyi, posafuna kukuonongerani zinthu, imasiya kope yakale pambali, dzina lake likuthera ndi `_original`. Ndiye pa chithunzi chilichonse panabadwa china ngati `laputopu1.jpg_original`, chokhala ndi manambala onse, ndipo kilaudi inazinyamula n'kuziika pa linki yomwe ija. Munthu angochotsa mawu a kumapetowo, chithunzi chatseguka. Ndinazindikira mawa lake nditaona kuti foda ya zithunzi 40 ili ndi mafayilo 80.

Kachiwiri, zithunzi zimene ndinajambula foni itaima zinagona chammbali. Foni zambiri sizitembenuza chithunzi chenichenicho, zimangolemba mu Exif kuti poonetsa muchiimike chonchi. Mukafufuta zonse, kalangizo kameneko kamapita nawo, ndipo nthawi zina mitundu imazilala pang'ono chifukwa cholongosola mitundu nachonso chapita. Tsopano ndimagwiritsa ntchito lamulo limodzi ili, ndipo ndinalisunga mu Notepad:

```
exiftool -all= -tagsfromfile @ -Orientation -ICC_Profile -o zoyera/ zaziwisi/
```

Limatenga zithunzi za mu foda ya `zaziwisi`, kufufuta zonse, kubwezeramo ziwiri zokhazo, kaimidwe ndi mitundu, n'kuika makope atsopano mu `zoyera`. Zoyambirira sizikhudzidwa ndipo za `_original` sizibadwa. Foda ya `zaziwisi` ili kunja kwa kilaudi, `zoyera` yokha ndi imene imakwera. Zithunzi 40 zimatha ndisanamalize kuthira shuga mu tiyi, ndipo pa JPEG chithunzi chenichenicho sichikhudzidwa, kuwala kwake kumakhala komweko, mng'alu wa pa sikirini umaonekabe bwinobwino. Pali lamulo lalifupi lochotsa malo okha, `-gps:all=`, koma ine ndinalisiya, chifukwa mapulogalamu ena okonzera zithunzi amalembanso malo m'gawo lina lotchedwa XMP, limene lamulo limenelo silifikako.

Foda yakale ija sindinaikonze, ndinaitseka. Makilaudi amenewa amasunga makope akale a fayilo kwa kanthawi mukaika yatsopano ya dzina lomwelo, ndiye ndinaona kuti n'kwabwino kuzimitsa linki, kutsegula foda ina, n'kupanga linki yatsopano. Kenako ndinachita zimene ndimachita mpaka lero ndisanaponye linki pagulu: ndimaitsegula pa windo la Incognito ngati mlendo, kutsitsa chithunzi chimodzi, n'kuchiyeza. Mzere wa GPS Position ukapanda kutuluka, ndimatumiza. Amene anatsitsa kale zithunzi zakale ali nazobe, pamenepo palibe pulogalamu ingandithandize, ndinangogula loko wina wa chitseko cha kuchipinda.

Kwa amene windo lakuda likuwaopsa, Windows ili ndi njira yake: dinani chithunzi ndi batani lakumanja, Properties, Details, kenako Remove Properties and Personal Information. Pa iPhone, potumiza chithunzi pali Options pamwamba, m'menemo mumazimitsa Location. Mlongo wanga anasankha kungoletsa kamera ya foni yake kudziwa malo, ndipo n'zothandiza, koma pa zithunzi zamtsogolo zokha. Zikwama zimene anajambula chaka chatha ndinamuyeretsera ine Lamulungu lina, zithunzi 312, ndipo 9 mwa izo zinali zoti anajambulira kwa apongozi ake ku Dedza, kumene amati sanapiteko chaka chimenecho.